Mafunso ndi Mayankho: Imelo Yaifupi Yopempha Kuti Malipiro Oyambira Akwere

Mwachita bwino pa intavyu, ndipo kalata yokuuzani kuti mwalembedwa ntchito yafika. Koma nambala ya malipiro yomwe ili m'kalatamo ndi yotsika kuposa momwe mumayembekezera. Mafunso ali m'munsiwa ndi okhudza imelo imodzi yokha: yomwe mumalemba musanasaine kontirakiti, yopempha kuti nambalayo aikwezeko. Manambala onse omwe ali muno ndi ongoyerekeza ndipo alibe dzina la ndalama. Ikanipo ndalama ya komwe mukugwira ntchito.

Kodi imeloyi ndiitumize liti?

Itumizeni akakupatsani ntchito polemba, koma musanavomere. Nthawi yake ndi imeneyo basi. Isanafike, mumakhala mmodzi mwa anthu angapo omwe akuwaganizira, ndipo mukayamba kunenerera malipiro mukungowapatsa chifukwa chosankhira wina. Ikadutsa, ndiye kuti mwasaina kale, ndipo palibe chomwe chingawakakamize kutsegulanso nkhani yomwe mwaitseka nokha. Koma pakati apa, iwo amakhala atakusankhani, ena awauza kale kuti zakanika, ndipo kuyambiranso kufunafuna munthu kungawatayitse masabata ndi ndalama.

Ambiri amakodwa pa foni. Wa ku ofesi yoona za ogwira ntchito amaimba, nkunena kuti mwapambana, nkutchula malipiro, inu mwachimwemwe nkuyankha kuti "zikomo kwambiri, palibe vuto". Mawu amenewo ndi kuvomera. Chonena pa foni yotere ndi chachifupi: thokozani, nenani kuti mwasangalala, ndipo pemphani kuti akutumizireni zonse polemba kuti muziwerenge modekha. Kalatayo ikafika, yankhani pasanathe masiku awiri ogwira ntchito. Ngati aika tsiku lomaliza lovomerera, musadikire tsiku limenelo, chifukwa amene mukumulemberayo amafunika nthawi yokafunsa abwana ake.

Ndili ndi zifukwa zambiri zomveka. Bwanji nditchule chimodzi chokha?

Ganizirani kaye za amene adzawerenge imelo yanu. Kawirikawiri amene wakutumizirani kalatayo si amene ali ndi mphamvu yosintha nambala. Iye adzatenga pempho lanu kupita nalo kwa mkulu wa dipatimenti yomwe mukagwiremo, mwinanso kwa woyang'anira bajeti. Mwina adzaitumiza imeloyo momwe ilili, mwina adzangoima pakhomo la ofesi ya abwana nkufotokoza m'mawu ochepa. Funso lomwe adzamufunse ndi limodzi: "Akufuna zingati, ndipo chifukwa chiyani?" Ngati imelo yanu yamupatsa chiganizo chimodzi choyankhira funso limeneli, mwamuthandiza kukulankhulirani. Ngati mwamupatsa zifukwa zisanu, adzasankha yekha chomwe wachikumbukira, ndipo sizichitika kawirikawiri kuti chikhale chomwe inu mumachidalira.

Chinanso ndi chakuti zifukwa zofooka zimachepetsa mphamvu ya chifukwa champhamvu. Akatswiri a za kaganizidwe ka anthu, Richard Nisbett, Henry Zukier ndi Ronald Lemley, adaonetsa mu 1981 kuti munthu akapatsidwa mfundo yothandiza poweruza nkhani, kenako nkumuonjezera zina zosathandiza, mfundo yothandiza ija imachepa mphamvu m'maganizo mwake. Zili ngati munthu amasakaniza zonse zomwe wamva nkuona kulemera kwake zili pamodzi, m'malo moziphatikiza. Choncho mukalemba kuti muli ndi zaka zisanu pantchitoyi, nkuonjezera kuti ndinu wolimbikira, kuti kuntchito nkutali ndi kwanu, komanso kuti mnzanu wina amalandira zambiri, zaka zisanu zija zimasungunuka pakati pa zinazo.

Ndipo amene akufuna kukana amayankha chifukwa chofookacho. Adzakulemberani mwaulemu kuti kampani ili ndi alawansi ya mayendedwe, nkhani nkuthera pomwepo. Za zaka zisanu zija sadzazitchula nkomwe, ndipo inu simudzakhala ndi poyambiranso.

Nanga chifukwa champhamvu ndichidziwe bwanji?

Chiyeseni motere: kodi wolemba ntchito angachitsimikize yekha popanda kudalira mawu anu, ndipo kodi chikukhudza ntchito yomwe akukulipirani? Zifukwa zomwe zimapambana mayeso awiriwa si zambiri.

Choyamba ndi pamene zomwe muli nazo zikuposa zomwe adapempha polengeza ntchito. Adafuna wa zaka ziwiri, inu muli ndi zisanu. Adati satifiketi yakutiyakuti ingakhale yothandiza, inu muli nayo kale. Izi zili pa mapepala omwe ali nawo m'manja. Chachiwiri ndi pamene ntchito yakula kuposa momwe adalengezera, mwachitsanzo pa intavyu adakuuzani kuti mudzayang'aniranso anthu atatu pomwe chilengezo sichidatchule zoyang'anira aliyense. Chachitatu ndi pamene kampani ina yakupatsani ntchito polemba ndi malipiro okwererapo. Chachinayi ndi malipiro omwe ena amapereka pantchito yofanana, koma ichi chimagwira pokhapokha mutatchula komwe mwachiona, monga zilengezo za ntchito zomwe zalemba malipiro, kapena kafukufuku wa bungwe la anthu a ntchito yanu. Kungolemba kuti "ena amalipira zambiri" ndi mawu omwe aliyense angalembe.

Mukakhala ndi ziwiri mwa izi, sankhani chomwe wowerengayo sangachitsutse. Ine ndimaika patsogolo chomwe chachokera m'mawu awo omwe, kaya m'chilengezo kapena pa intavyu, chifukwa munthu savutika kuvomereza zomwe adalemba yekha. Chinacho chisungeni. Chingadzafunike akakufunsani zambiri.

Zinthu zakwera mtengo, ndipo ndili ndi banja loti ndilisamale. Kodi chimenechi si chifukwa?

Ndi chifukwa chenicheni chomwe mukufunira ndalamazo, koma si chifukwa choti iwo azipereke. Onse ogwira ntchito pakampanipo ali ndi lendi ndi ana, ndipo bwana akakweza malipiro anu pa chifukwa chimenechi alibe choyankha ena akabwera ndi chomwecho. Amafuna chifukwa chomwe angalembe mufayilo yanu, chofotokoza kuti inu mwayambira pamwamba kuposa wina wa giredi yomweyo chifukwa cha chakutichakuti. Mavuto a kunyumba akuthandizeni kudziwa malipiro omwe simungatsike kupitirira pamenepo. Mu imelo asalowemo.

Nditchule nambala yeniyeni, kapena ndingoti andiganizire?

Tchulani nambala. Mukangolemba kuti "ndikupempha kuti muonenso malipiro", mwawasiyira ntchito yoganiza, ndipo njira yosavuta kwa iwo ndi kuonjezera kangachepe kwambiri kapena kuyankha kuti aonanso ndipo zili bwino momwemo. Nambala ikatchulidwa, zokambirana zimazungulira pa iyo. Amos Tversky ndi Daniel Kahneman adafotokoza mu 1974 momwe nambala yomwe munthu wayamba kuimva imakokera kuyerekeza kwake konse kufupi nayo. Pano nambala yoyamba ndi yawo. Yanu ndi yomwe ikukokera nkhani mbali inayo.

Nambalayo muipeze pokonza ziwiri musanalembe: yomwe mungasaine mosadandaula, ndi yomwe mupemphe. Yopemphayo ikhale pamwamba pang'ono, chifukwa yankho lofala kwambiri ndi lokumana pakati. Koma ikhale yoti chifukwa chanu chingainyamule. Ngati chilengezo chidati malipiro ali pakati pa 1,000 ndi 1,200, kupempha 1,150 ndi nkhani yoti akambirane. Kupempha 1,500 ndi kupempha giredi ina, ndipo wolandira imeloyo sangakuthandizeni ngakhale atafuna.

Samalani ndi kupereka manambala awiri. Mukalemba kuti "pakati pa 1,050 ndi 1,150", iwo amva 1,050. Ngati mukufunadi kutero, nambala yapansi ikhale yomwe mukuifuna kwenikweni. Palinso kafukufuku wa mu 2013 wa Malia Mason ndi anzake ku Columbia Business School, yemwe adapeza kuti munthu akatchula nambala yachindunji m'malo mwa yongozungulira, winayo amamuona ngati wodziwa zomwe akunena ndipo sayesa kuitsitsa kwambiri. Izi sizikutanthauza kuti mulembe 1,147 popanda chifukwa. Zikungotanthauza kuti 1,150 yomwe mungaifotokoze ndi yabwino kuposa 1,200 yomwe mwangoitola chifukwa ndi yapamwamba.

Chomaliza pa nambala: lembani m'njira yomwe iwo alembera. Ngati kalata yatchula malipiro a pamwezi msonkho usanadulidwe, yanunso ikhale ya pamwezi msonkho usanadulidwe, ndipo nenani choncho. Anthu ena amapempha akuganiza za ndalama yofika m'manja, kampani nkuvomera ikuganiza za ndalama yosadulidwa, ndipo kusamvanaku kumadzaonekera pa malipiro a mwezi woyamba, kontirakiti itasainidwa kale.

Mungandionetse imelo yonse?

Tiyerekeze mayi yemwe wapatsidwa ntchito yoyang'anira katundu m'nyumba yosungiramo katundu ya kampani ina. Chilengezo chidafuna munthu wa zaka zosachepera ziwiri pantchitoyi, ndipo chidati malipiro ali pakati pa 1,000 ndi 1,200 pamwezi. Iye ali ndi zaka zisanu. Kalata yabwera ndi 1,000, poyambira penipeni. Mumtima mwake angasaine pa 1,080. Akulemba poyankha imelo yomwe idabweretsa kalatayo, kuti mutu wake usasinthe ndipo zonse zikhale pamalo amodzi:

Mayi Uje,

Zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yondipatsa ntchito yoyang'anira katundu. Ndasangalala nayo, ndipo ndikufunitsitsa kudzagwira nanu ntchito.

Ndisanasaine, ndili ndi funso limodzi pa malipiro. Chilengezo cha ntchitoyi chidafuna munthu wa zaka ziwiri ndipo chidatchula malipiro a pakati pa 1,000 ndi 1,200. Ine ndagwira ntchito yomweyi zaka zisanu, koma kalata yandiika poyambira. Kodi nkotheka kuti malipiro oyambira akhale 1,150 pamwezi msonkho usanadulidwe?

Zina zonse zomwe zili m'kalatayi ndagwirizana nazo, kuphatikizapo tsiku loyamba ntchito. Tikamvana pa mfundo imeneyi ndisaina tsiku lomwelo. Ngati mungakonde kuti tikambirane pa foni, ndilipo.

Ndine,
Uje

Onani zomwe mulibe. Mulibe kupepesa. Mawu ngati "pepani kuti ndikuvutitsani" kapena "ngati sizingatheke palibe kanthu" amamveka aulemu, koma achiwiriwo ndi kudzikana nokha musanakanidwe, ndipo wowerenga wotanganidwa amawalandira ndi manja awiri. Ulemu uli m'kuthokoza koyambirira ndi m'kufunsa m'malo molamula. Mulibenso mbiri yonse ya ntchito zomwe mayiyu adagwirapo, chifukwa adaiwerenga kale asanamusankhe.

Chiganizo chomwe anthu amachiiwala ndi chakumapeto, chonena kuti zina zonse zili bwino ndipo asaina akamvana. Wolemba ntchito amaopa munthu yemwe akamupatsa ichi apemphanso china, kenako china. Mukamuuza kuti chatsala ndi chimodzi chokha, amatha kupita kwa abwana ake nkunena kuti "tikamuonjezera, nkhani yatha lero". Koma musalembe chiganizo chimenechi ngati si choona. Ngati mukudikira yankho la kampani ina ndipo mwina simungasaine ngakhale atavomera, chichotseni.

Lembani m'chinenero chomwe kalatayo yabwera nacho, ndipo mutumizireni amene adakutumizirani. Kumulumpha nkulembera mkulu wa kampani kumamukhumudwitsa munthu yemwe mukufuna kuti akulankhulireni.

Kodi sangakwiye nkundilanda ntchitoyo?

Mantha aakulu ndi amenewa, ndipo sindinganene kuti sizichitika konse. Koma pempho limodzi laulemu, lokhala ndi nambala yomveka, nthawi zambiri limathera pa "inde", "tikumane pakati" kapena "ayi, koma ntchito ikadali yanu". Zomwe zimaika ntchito pachiswe ndi zina: kuopseza kuti simubwera, kunama, kupempha zotalikirana kwambiri ndi giredi, kapena kubwereranso pambuyo povomera.

Palinso mbali ya malamulo yomwe imafotokoza chifukwa chake imelo ya pamwambayi yafunsa m'malo mokana. M'maiko omwe malamulo a mapangano adachokera ku England, pali mlandu wakale wa mu 1840 wa Hyde ndi Wrench. Wrench adati agulitsa famu yake pa mapaundi 1,000. Hyde adayankha kuti apereka 950. Wrench atakana, Hyde adabwerera nkunena kuti wavomera 1,000 ija, koma khoti lidagamula kuti panalibe pangano, chifukwa potchula mtengo wake Hyde adali atakana woyamba uja, ndipo sakadatha kuudzutsanso yekha. Mu 1880, pa mlandu wina wa Stevenson ndi McLean, khoti lidati kungofunsa ngati zinthu zingasinthe si kukana, ndipo zomwe munthu wapatsidwa zimakhalapobe.

Tanthauzo lake pa imelo yanu ndi ili: "Sindingavomere 1,000, ndikufuna 1,150" ndi kukana. "Kodi nkotheka kuti akhale 1,150?" ndi funso, ndipo 1,000 ija simunaitaye. Izi sizimumanga manja wolemba ntchito, chifukwa m'malamulo omwewo amatha kubweza zomwe wapereka nthawi iliyonse musanavomere. Koma simukhala mutadzitsekera nokha khomo.

Ndili ndi kalata ya kampani ina yomwe ikulipira zambiri. Ndiitchule bwanji?

Ichi ndi chifukwa champhamvu kuposa zonse, komanso ndi chomwe chimapweteka kwambiri chikagwiritsidwa ntchito molakwika. Chitchuleni mosabisa ndi mosaopseza: "Ndalandiranso kalata ya ntchito kwina ya malipiro a 1,150 pamwezi. Mtima wanga uli kwa inu. Kodi mungafike pa nambala imeneyi?" Dzina la kampaniyo simukakamizidwa kulitchula. Ndipo ngati mwasankha chifukwa chimenechi, chikhale chokhacho, za zaka zija muzisiye.

Dzifunseni kaye kuti akakana mudzatani. Ngati mudzapitadi kwinako, muli pabwino. Ngati mudzasainabe kuno, palibe cholakwika, bola imelo yanu isanene kuti muchoka akakana. Koma kupeka kalata yomwe kulibe, ayi. Ena amapempha kuiona. Ena amangoyankha kuti "sitingafike pamenepo, tikukufunirani zabwino kumeneko", ndipo mumatsala opanda ntchito ziwiri zonse, yeniyeni ndi yopekayo.

Andifunsa zomwe ndimalandira komwe ndikuchoka, ndipo ndi zochepa. Nditani?

Musaname, chifukwa makampani ena amapempha pepala la malipiro, ndipo bodza lopezeka mutalowa kale ntchito lingakuchotsetseni. Koma simukuyenera kumanga pempho lanu pa malipiro akale. Bwezerani nkhani pa ntchito yatsopanoyo: zomwe munkalandira zidali za ntchito ina, pamalo ena, ndipo pano mukukambirana za ntchito yomwe yalengezedwa pa 1,000 mpaka 1,200. M'madera ena lamulo limaletsa funso limeneli. Boma la Massachusetts ku America lidakhazikitsa lamulo lotere mu 2016, ndipo mu 2023 bungwe la European Union lidavomereza lamulo loletsa olemba ntchito m'maiko ake kufunsa malipiro akale a ofunsira ntchito. Cholinga chake nchakuti munthu yemwe adalipidwa zochepa kamodzi asapitirire kulipidwa zochepa kulikonse komwe apita. Komwe lamulo lotere kulibe akhoza kufunsa, ndipo inu mukhoza kuyankha zoona nkubwerera pa chifukwa chanu.

Malipiro akale amasanduka chifukwa chabwino pokhapokha ali okwera kuposa omwe akukupatsani. Pamenepo chiganizo chimodzi chikwanira: kuvomera 1,000 kungakhale kutsika kuchoka pa 1,100 yomwe mukulandira pano.

Ayankha kuti angafike pa 1,080 basi. Ndinenererenso?

Bwererani ku manambala awiri omwe mudakonza musanalembe. Mayi wa m'chitsanzo chathu adati angasaine pa 1,080, ndiye ayankhe mothokoza nkupempha kalata yatsopano. Kuyesa kufinyanso 20 kapena 30 pamenepa kumaononga zambiri kuposa zomwe kungabweretse, chifukwa munthu yemwe wapita kukamupemphera kwa abwana ndi yemwe adzakhale naye pantchito tsiku lililonse.

Akabwera ndi nambala yosafika pomwe mudaika malire, monga 1,030, mukhoza kuyankhanso kamodzi, mwachidule kuposa poyamba: thokozani kuti asunthako, nenani kuti pa 1,080 musaina lero. Musabweretse chifukwa chatsopano chomwe chikuoneka ngati mwangochitola. Kupitirira kawiri, zokambirana zimasanduka kukokana.

Nanga akati bajeti siyilola?

Nthawi zina ndi zoona. Malipiro a pamwezi amakhala omangidwa ku giredi, ndipo kuwasuntha kumakhudza anthu ena omwe ali kale pa giredi imeneyo. Koma zinthu zina zimachokera m'thumba lina ndipo zimakhala zosavuta kuvomereza: ndalama yoperekedwa kamodzi poyamba ntchito, alawansi, masiku oonjezera a tchuthi, kapena kukulipirirani maphunziro. Apanso pemphani chimodzi.

Yankho lomwe limabwera kawirikawiri ndi lakuti "tidzaonanso mukamaliza miyezi yoyeserera". Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lonjezo la pakamwa limatha bwana akasamutsidwa kapena bajeti ya chaka chatsopano ikatuluka, ndipo wolowa m'malo mwake sadziwa kalikonse. Ngati akunenadi zoona, sangavutike kulemba. Pemphani kuti m'kalata mulowe zinthu zitatu: mwezi womwe adzaonenso malipiro, zomwe muyenera kukhala mutakwaniritsa pofika nthawiyo, ndi nambala yomwe malipiro adzafike. "Adzaunikidwanso pakatha miyezi 6" ndi lonjezo la msonkhano chabe. "Adzakwera kufika pa 1,080 mukamaliza bwino miyezi 6 yoyeserera" ndi lonjezo la ndalama.

Akakana zonse, chisankho chatsala ndi chanu. Mukavomera 1,000, vomerani ndi mtima umodzi ndipo lembani mwansangala. Palibe manyazi pa kupempha nkukanidwa, ndipo wolemba ntchito wozolowera sakuonani mwachilendo chifukwa choti mudafunsa.

Bwanji osangoimba foni? Ndipo akapanda kuyankha imelo?

Imelo imakupatsani mpata wosankha mawu, simuchita chibwibwi potchula nambala, ndipo imatha kutumizidwa kwa amene ali ndi mphamvu popanda kusinthidwa. Kufooka kwake nkwakuti kukana polemba nkosavuta kuposa kukana munthu akumva. Nchifukwa chake imelo ija yatsegula khomo la foni. Akaimba, bwerezani zomwezo, nambala yomweyo ndi chifukwa chomwecho, kenako khalani chete. Anthu ambiri amatsitsa okha nambala yawo chifukwa choopa kachetechete wa pa foni. Mukamaliza kulankhulana, tumizani mizere iwiri yobwereza zomwe mwagwirizana.

Akakhala chete, musafulumire kuganiza kuti akwiya. Nthawi zambiri pempho limakhala likudikira siginecha ya munthu yemwe sali mu ofesi. Pakatha masiku awiri kapena atatu ogwira ntchito, kumbutsani mwachidule. Chofunika kusamala ndi tsiku lomaliza lovomerera: likayandikira yankho lisanabwere, pemphani polemba kuti alisunthe mpaka nkhaniyi itathe, kapena sankhani kuvomera zomwe zilipo lisanadutse. Musaganize kuti imelo yanu yaimitsa tsikulo.

Ndi ntchito yanga yoyamba. Kapena ndi ya boma, komwe malipiro ndi oikika. Kodi zonsezi zikundikhudza?

Komwe malipiro amatsata ndandanda yoikika, monga m'boma, m'mabungwe akuluakulu kapena komwe kuli pangano ndi bungwe la ogwira ntchito, nambala ya giredi simungaisinthe. Funso lomwe lingakhale ndi yankho ndi la sitepe yomwe mukuyambira mkati mwa giredi, ngati malamulo a pamalopo amalola kuwerengera zaka kapena maphunziro omwe mwabwera nawo. Imelo imakhala yomweyo, koma m'malo mwa nambala mumatchula sitepe. Komwe onse olowa pamodzi amayambira pamodzi, palibe chonenerera, ndipo ndi bwino kusalemba.

Pa ntchito yoyamba, muyeso ndi womwe uja. Ngati muli ndi chinthu chooneka chomwe chikuposa zomwe adapempha, monga chaka chomwe mudagwira ntchito yomweyi pophunzira, kapena satifiketi yomwe anzanu alibe, lembani ndipo pemphani zochepa. Ngati mwafufuza ndipo simukupeza chifukwa chomwe angachitsimikize, musapeke. Imelo yopanda chifukwa ndi yofooka kuposa kusalemba.

Kuvutika konseku chifukwa cha 80 yokha pamwezi?

Werengani. 80 pamwezi ndi 960 pachaka. M'malo ambiri malipiro amakwezedwa ndi peresenti ya zomwe mukulandira kale, choncho kusiyanako kumakula chaka ndi chaka. Tiyerekeze kuti malipiro akukwera ndi 5 peresenti chaka chilichonse. Amene adayambira pa 1,080 adzakhala atalandira pafupifupi 5,300 kuposa amene adayambira pa 1,000 pomatha zaka zisanu, ndalama yoposa malipiro a miyezi isanu ya poyambira paja. Ndipo komwe penshoni ndi bonasi zimawerengedwa pa peresenti ya malipiro, nazonso zimatsatira.

Avomera. Chatsala nchiyani?

Kalata yatsopano. Musasaine yakale ija podalira kuti "tikonza m'kompyuta", chifukwa a ku ofesi ya malipiro amatsata zomwe zili pa pepala losainidwa. Ikafika, onani nambala, onani ngati ndi ya pamwezi kapena ya pachaka, ndipo onani ngati china sichinatsike kuti malipiro akwere. Zimachitika kuti 80 yaonjezedwa pa malipiro koma alawansi ina yachotsedwa, ndipo mukaphatikiza zonse mupeza kuti simunasunthe. Onaninso ngati kukwerako akuika pa malipiro enieni kapena akupanga kukhala alawansi, popeza alawansi nthawi zambiri siwerengedwa pa penshoni ndi pa kukweza kwa pachaka. Zonse zikakhala bwino, sainani tsiku lomwe mudalonjeza, ndipo musapereke kalata yosiya ntchito komwe muli pano kufikira mutakhala ndi kalata yatsopanoyo m'manja, yosainidwa ndi mbali zonse ziwiri.